Makalata 12 a timu imodzi, malipiro akuoneka osiyana: ndiyambire pati?

Tadala: Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Ndabwera ndi katundu wolemera. Kuntchito kwathu tili ndi timu ya anyamata ndi atsikana 12 oyenda m'midzi, giredi imodzi, ntchito imodzi. Sabata yatha awiri anakangana pa nkhomaliro atayerekezana mapeyisilipi, nkhani yafika kwa abwana, ndipo abwana andiuza kuti nditulutse makalata onse owalembera ntchito, ndizule ndime za malipiro, maalawansi ndi zina zomwe analonjezedwa, tione ngati zikufanana. Makalatawa analembedwa pakati pa 2022 ndi 2024 ndi anthu atatu osiyana, awiri mwa iwo anachoka kale. Makalata 7 ali mu Word, atatu ndi PDF, awiri ndi ojambula pa makina kuchokera mu failo ya pepala. Ndinayamba kulemba mu Excel dzina ndi ndalama, koma wina akuoneka 7,200,000, wina 750,000, wina 500 basi. Ndasokonezeka. Amene munachitapo zoterezi ndithandizeni.

Mphatso: Pepani achemwali, ponyani makalatawo pano tiwaone limodzi, sitichedwa.

Mayi Nachisale: Ayi Tadala, usaponye kalata ngakhale imodzi, ngakhale utafufuta dzina. Gulu lino muli anthu ambiri, ndipo tsiku loyamba ntchito ndi ndalama zokha n'zokwanira kuti wina azindikire mwini kalata. Tili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024, komanso ngakhale popanda lamulo, malipiro a munthu ndi chinsinsi chake. Mu Excel yakoyo chotsa mayina, munthu aliyense umupatse nambala, 1 mpaka 12. Pepala lolumikiza nambala ndi dzina likhale palokha, lokiyidwa. Pano uzingotiuza manambala ndi mawu a ndime.

Tsono cholakwika choyamba chili pa mzere umodzi munthu mmodzi. Ine ndagwira za antchito zaka zambiri ndipo ndinaphunzira movutikira kuti mzere umodzi uzikhala wa ndime imodzi. Munthu nambala 3 akhoza kukhala ndi mizere 8: besiki, nyumba, mafuta, mayunitsi, penshoni, chipatala, tchuthi, notisi. Mzere uliwonse ukhale ndi nambala ya munthu, tsiku la kalata, mtundu wa ndime, kenako mawu enieni a m'kalata monga momwe alili, osawakonza ngakhale pali cholakwika, ndi tsamba lomwe wawapeza. Zikatero ndiye chiwerengero, muyeso wake (kwacha, peresenti, malita kapena madola), ngati ndi pa mwezi kapena pa chaka, ndipo pomaliza ngati ndi girosi kapena neti. Danga la mawu enieniwo ndi lomwe lidzakupulumutsa. Tsiku lina munthu adzakuuza kuti kalata yake sinatero, iwe udzangomuonetsa tsamba.

Kondwani: Zonsezo n'zabwino amayi, koma kukopera pamanja n'kotopetsa. Achemwali a Tadala, ngati pa ofesi pali makina okhala ndi pdftotext, sandutsani onse a mu Word akhale PDF, kenako:

```
for f in *.pdf; do pdftotext -layout "$f"; done
grep -n -i -E "salary|allowance|per annum|per month|gross|net|pension|leave|medical" *.txt
```

Ikutulutsirani mzere uliwonse wokhala ndi mawu amenewa pamodzi ndi dzina la failo. Mphindi zisanu mwamaliza.

Tadala: Zikomo achimwene. Mnyamata wa makompyuta wandiyesera. Pa makalata 10 zatuluka, koma pa awiri ojambula aja failo yatuluka yopanda kanthu.

Kondwani: Eya, amenewo ndi zithunzi, mulibe malemba m'kati. Pakufunika chowerenga zithunzi ngati tesseract, koma ndivomere, pa kalata yojambula mopendekeka chimasokoneza 0 ndi O, 1 ndi l, nthawi zina chimameza kachizindikiro ka koma ka pakati pa manambala. Awiri okhawo ingowerengani ndi maso.

Mayi Nachisale: Onse 12 awerenge ndi maso, Kondwani. Njira yako ikhale yotsimikizira pambuyo kuti sanadumphe kanthu. Ndili ndi zifukwa ziwiri. Makina amafufuza mawu omwe wawauza, koma wolemba kalata wina sanalembe `allowance`, analemba kuti bungwe lidzamupatsa njinga yamoto ndi mafuta, kapena kuti lidzamulipirira lendi, ndipo mzere umenewo sutuluka. Chachiwiri n'chachikulu: failo ya Word yomwe ili pa makina si kalata. Kalata ndi ija yosainidwa yomwe ili mu failo ya munthu. Ndinakumanapo ndi kalata imene pa makina inali ndi ndalama ina, koma pa pepala losainidwa abwana anadula ndi cholembera n'kulemba ina pamwamba, n'kusainira m'mbali, chifukwa munthuyo ananenerera tsiku lomwelo. Tadala, tsegula kabati utenge zosainidwa. Uonenso pomwe ndalama yalembedwa kawiri, m'manambala ndi m'mawu, ngati ziwirizo zikugwirizana. Olemba ambiri amatenga kalata ya munthu wakale n'kusintha nambala yokha, mawu n'kuwaiwala.

Chisomo: Ine ndifunse nawo. Ndagwira zaka zinayi pa malo amodzi, wabwera mnzanga chaka chatha akulandira kuposa ine pomwe ndine ndinamuphunzitsa ntchito. Kalata yopempha kuti andikwezere ndiilembe bwanji? Zimandiwawa kwambiri, nthawi zina ndimasowa tulo.

Bambo Gama: A Chisomo, nkhani yanu ndi yoona ndipo ndi yowawa, koma ya a Tadala ndi ya mbali ya ofesi, kufufuza makalata a timu yonse. Komabe tsatirani, chifukwa musanalembe kalata yanuyo mufunika kudziwa ngati mukuyerekeza girosi ndi girosi. Ambiri amayerekeza ndalama yolowa ku banki, pomwe wina akudulidwa ngongole ya kuntchito, wina ayi. Yambitsani mutu wanu padera tikuthandizani. A Tadala, ine ndine wa maakaunti. Tiuzeni manambala atatu aja akuchokera m'ndime zotani.

Tadala: Ndatenga zosainidwa monga anenera amayi. Nditengeko atatu olembedwa mu 2024 miyezi yoyandikana. Nambala 4: besiki K7,200,000 pa chaka, nyumba 25 peresenti ya besiki. Nambala 7: K750,000 pa mwezi, kalata ikuti `consolidated`, nyumba ili momwemo. Nambala 9: besiki K600,000 pa mwezi, nyumba K150,000 pa mwezi. Awiri okangana aja ndi 4 ndi 9.

Mphatso: Ndiye palibe mlandu. 7,200,000 kugawa ndi 12 ndi 600,000, kotala yake ndi 150,000, pamodzi 750,000. Onse atatu ndi 750,000. Auzeni abwana kuti zonse zili bwino.

Bambo Gama: Masamu anu ndi oona a Mphatso, pa tsiku losaina onse anali pa K750,000. Koma funsani chifukwa chomwe 4 ndi 9 akanganira. A Tadala, pakhala kukweza malipiro chisainireni makalatawa?

Tadala: Eya, mu Januwale onse anakwezedwa ndi 10 peresenti. Kalata yokweza inati pa besiki.

Bambo Gama: Ndi pomwe pagona nkhani. Nambala 4 besiki yake yachoka pa 600,000 kufika 660,000, ndipo poti nyumba yake ndi peresenti, yakwera yokha kufika 165,000. Pamodzi 825,000. Nambala 7 alibe besiki yapadera, ndiye a peyirolo ayenera kuti anaika 10 peresenti pa 750,000 yonse, nayenso 825,000. Koma nambala 9 besiki yafika 660,000, nyumba yaima pa 150,000 chifukwa kalata yake inatchula ndalama, osati peresenti. Pamodzi 810,000. Watsalira ndi K15,000 pa mwezi, K180,000 pa chaka, popanda munthu anakhala pansi kufuna kumupondereza. Ndipo chaka chamawa akakwezanso ndi 10 peresenti, besiki ifika 726,000, nyumba ya nambala 4 ifika 181,500, ya nambala 9 idakali 150,000, mpata wafika 31,500. N'chifukwa chake danga la muyeso lomwe anena Mayi Nachisale musalisiye. Mukasandutsa 25 peresenti kukhala 150,000 pokopera, n'kutaya mawu oti peresenti, vutoli simuliona mpaka anthu atakangana.

Mu Excel ine ndimaika danga lowerengera pa mwezi lomwe limakana kuwerengera chilichonse chosakhala kwacha. Ngati chiwerengero chili mu F, muyeso mu G, nthawi mu H:

```
=IF(G2<>"kwacha","onani",IF(H2="chaka",F2/12,F2))
```

Paliponse patuluka mawu oti onani, pamenepo muwerengere nokha, mulembenso m'mbali kuti mwagwiritsa ntchito besiki ya tsiku liti.

Tadala: Ndayang'ana mapeyisilipi a mwezi watha, ndi ndendende momwe mwanenera abambo, 825,000, 825,000 ndi 810,000. Ndinkaganiza kuti nambala 9 akungodandaula. Ndamumvera chisoni, mtsikana wolimbikira zedi, dera lake ndi lakutali kuposa onse.

Bambo Gama: Musaime pamenepo, onaninso penshoni ya atatu omwewa. Lamulo la penshoni limati wolemba ntchito aziika osachepera 10 peresenti, wantchito 5 peresenti. Funso ndi lakuti peresenti ya chiyani. Ngati peyirolo yanu ikuwerengera pa besiki, nambala 4 bungwe likumuikira 66,000, pomwe nambala 7, amene ndalama yake yonse ili pamodzi, likumuikira 82,500. M'thumba amaoneka ofanana, koma ku penshoni wina akutsogola ndi K16,500 mwezi uliwonse. Inshulansi ya moyo yomwe imapita limodzi ndi penshoni nayonso imayezedwa pa malipiro a pa chaka omwewo, ndiye banja la nambala 4 lingadzalandire zochepa zitavuta.

Mphatso: Koma penshoni ndi pa besiki basi, kulikonse komwe ndagwirako ndi choncho.

Mayi Nachisale: Malo ambiri amachitadi choncho, Mphatso, koma lamulo silinena kuti besiki. Mawu ake ndi `pensionable emoluments`, ndipo mmene ine ndimamvera, ndalama yomwe munthu amalandira motsimikizika mwezi ndi mwezi imalowa momwemo, pomwe nyumba yeniyeni kapena galimoto yopatsidwa ndi bungwe sizilowa. Ndiye alawansi ya nyumba yolipidwa ngati ndalama mwezi uliwonse ine ndimaiwerengera.

Bambo Gama: Pamenepo ine ndi amayi timasiyana pang'ono, takhala tikukambirana. Ndaonapo malamulo a thumba la penshoni otanthauzira mosiyana. Chomwe ndinganene, a Tadala, lembani kalata kwa omwe amayendetsa thumba la penshoni lanu, muwafunse kuti maziko ake ndi ati, yankho libwere pa pepala. Mu lipoti lanu ingolembani kuti anthu a giredi imodzi akuwerengeredwa pa maziko awiri osiyana. Chimenecho chokha ndi cholakwika, kaya yankho libwere lotani.

Kondwani: Nanga wa 500 uja? Ndakhala ndikumudikira.

Tadala: Ameneyo ndi nambala 2, kalata ya Juni 2023. Analembedwa pa pulojekiti ina yomwe bajeti yake inali m'madola, kenako anamusamutsira ku timu ino. Kalata ikuti madola 500 pa mwezi, olipidwa m'makwacha pa mtengo wa tsiku lolipira. Palibe kalata ina yosintha zimenezi mu failo yake.

Bambo Gama: Uyo ndiye amene mwina akuposa onse pa besiki popanda kukwezedwa. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola inachoka pa makwacha pafupifupi 1,180 kufika 1,700. Madola 500 anali cha m'ma K590,000, pafupi ndi anzake a 600,000, mwezi wotsatira anasanduka K850,000. Onani peyisilipi. Ngati akulandira motsatira dola, muli ndi munthu mmodzi woposa timu yonse. Ngati a peyirolo anamuimika pa makwacha akale popanda kalata yomwe iye anasaina, ndiye bungwe likhoza kukhala ndi ngongole kwa iye ya miyezi yonseyo. Zonse ziwiri abwana ayenera kuzimva.

Mafutanso ali ndi khalidwe lomwelo. Amene kalata yake ikuti malita 40 pa mwezi, mtengo ukakwera iye sakhudzidwa. Amene yake ikutchula makwacha, mtengo ukakwera malita ake amachepa, n'kumaonjezera za m'thumba kuti afike kumudzi komwe watumidwa.

Tadala: Za mafutazo zilipo. Makalata 5 akutchula malita, 4 akutchula makwacha, atatu sakutchula kalikonse. Atatuwo ndaika 0.

Mayi Nachisale: Chotsa 0 ameneyo mwanangu. Kalata kukhala chete si kunena kuti munthu alibe. Lemba kuti kalata sinatchule. Kenako werenga kumapeto kwa makalata atatuwo, kawirikawiri pamakhala chiganizo choti zina zonse zitsatira buku la malamulo a ntchito la bungwe. Ngati chilipo, mafuta awo ali m'bukumo, ndipo uyenera kupeza buku lomwe linkagwira ntchito pa tsiku la kalata komanso la panopa. Ukaika 0, pophatikiza adzaoneka ngati oponderezedwa pomwe mwina akulandira. Ukapeza kuti akulandiradi koma palibe paliponse pomwe zinalembedwa, limenelo ndi vuto la mtundu wina, ulilembe palokha.

Ine ndimati munthu aliyense ali ndi zinthu zitatu zoyika pambali ndi pambali: zomwe kalata yoyamba inalonjeza, zomwe makalata otsatira anasintha (kukhazikitsidwa pa ntchito itatha miyezi yoyesedwa, kukwezedwa, kusamutsidwa), ndi zomwe peyisilipi ya mwezi watha ikuonetsa. Ukayerekeza makalata oyamba okhaokha, wa 2022 adzaoneka wotsika kuposa wa 2024 chifukwa chakuti mitengo inali ina, pomwe anakwezedwa kawiri chilembedwereni. Sankha tsiku limodzi, tinene kutha kwa mwezi watha, aliyense umufikitse pa tsiku limenelo.

Tchuthi usachidumphe poti si ndalama. Gawo 44 la lamulo la ntchito la 2000 limati wogwira masiku asanu pa sabata apatsidwe masiku ogwira ntchito osachepera 15 pa chaka, wogwira masiku 6 apatsidwe 18. Kalata ina imangoti masiku 21 osanena kuti ndi ogwira ntchito kapena a pa kalendala. Masiku 21 a pa kalendala ndi masabata atatu, kutanthauza masiku ogwira ntchito 15 kwa wa Lolemba mpaka Lachisanu, pomwe mnzake wa masiku 21 ogwira ntchito akupuma kupitirira masabata anayi. Chipatalanso chimodzimodzi, ona ngati ndi iye yekha kapena ndi banja, ana angati, ndiponso bungwe likulipira yonse kapena gawo.

Chisomo: Ndikutsatira ndithu. Kalata yanga ikuti neti, ya mnzanga uja sindikudziwa. Zili ndi kanthu?

Bambo Gama: Zili ndi kanthu kwambiri. Kalata ikalonjeza neti, ndiye kuti msonkho wopita ku MRA uli pamwamba pa ndalama yolembedwayo, bungwe ndi lomwe likuusenza, ndipo girosi yanu ndi yokulirapo kuposa nambala ya m'kalata. A Tadala, mukapeza kalata ya neti mu 12 mwanumo musayese kubwerera ku girosi ndi mutu, chifukwa magawo a msonkho amasintha ndi bajeti ya boma, ndipo a chaka cha kalatayo si a lero. Tengani girosi ya pa peyisilipi. Kalata yomwe sinanene girosi kapena neti muilembe kuti sinanene.

Mphatso: Ine ndikuona kuti mapeto ake ndi osavuta. Lamulo limati ntchito yofanana malipiro ofanana. Nambala 2 atsitsidwe afanane ndi anzake, nambala 9 akwezedwe, onse asaine kalata yatsopano, nkhani yatha.

Mayi Nachisale: Theka lake wanena zoona. Gawo 6 la lamulo lomwe lija limafunadi malipiro ofanana pa ntchito ya mtengo wofanana, popanda tsankho la mtundu, chipembedzo, kukhala mwamuna kapena mkazi ndi zina zotero. Koma silikutanthauza kuti wa zaka 8 ndi wobwera dzulo akhale pa ndalama imodzi. Kusiyana kochokera ku zaka za ntchito, maphunziro kapena notchi ya pa giredi kumatheka, bola chifukwa chake chikhale cholembedwa ndipo chigwire kwa onse mofanana. N'chifukwa chake Tadala aonjezere danga lomaliza la chifukwa cha kusiyana, ndipo pomwe wasowa cholemba ndi pomwe pali vuto. Aonenso ngati otsalira onse ali mbali imodzi, mwachitsanzo akazi okhaokha, poti pamenepo nkhani imakula.

Zotsitsa munthu ndiye ayi. Kalata yosainidwa ndi mgwirizano wa anthu awiri, bungwe silingaudule lokha. Ukamutsitsa nambala 2 popanda iye kuvomera, mukakumana ku khoti la za antchito, ndipo kalata yake ya madola idzakhala umboni woyamba.

Kondwani: Ndiye azingoposa anzake mpaka kalekale? Anzakewo akadziwa sizikhala bwino.

Bambo Gama: Komwe ndinagwirako kale tinachita zoimika: woposayo sanatsitsidwe, koma pokweza pachaka iye amalandira pang'ono kapena osalandira mpaka anzake atamupeza. Tinakhala naye pansi, anavomera, anasaina.

Mayi Nachisale: Zimenezo zimayenda ngati kukweza kwa pachaka sikunalonjezedwe m'kalata yake, komanso ngati ndalama yake ili m'makwacha. Uyu wa madola kwacha ikagwanso akweranso yekha, ndiye kumuimika sikugwira pokhapokha avomere kuchoka ku dola, ndipo sindikuona chomwe angavomerere popanda kumupatsa kanthu. Ngati kontirakiti yake ili ndi tsiku lothera, pokonzanso ndi pomwe pali mpata wokambirana. Tadala, ona tsiku limenelo. Koma kumbukira kuti chigamulo si chako. Iwe upereke tebulo, ndime zenizeni, ndi mtengo wa kukonza chilichonse pa chaka.

Tadala: Ndamva amayi. Pofika pano ndamaliza makalata 8 mwa 12, mizere yakwana 61. Ya nambala 2 ilibe tsiku lothera, ndipo peyisilipi ikuonetsa kuti akulandiradi motsatira dola. Pa nambala 11 ndapeza chomwe munanena chija: m'manambala nyumba ndi K150,000, m'mawu alemba zikwi 120, peyirolo ikulipira yocheperayo. Ndiilembe ngati cholakwika cha peyirolo kapena cha kalata?

Bambo Gama: Musagamule. Lembani zonse ziwiri mu danga la mawu enieni, mufufuze pepala lomwe abwana anavomerezera kulemba munthuyo, nthawi zambiri limakhala ndi ndalama yomwe anagwirizana. Kusiyana kwake ndi K30,000 pa mwezi, muchulukitse ndi miyezi yomwe wagwira kuti abwana aone kukula kwake.

Tadala: Wagwira miyezi 14, ndiye K420,000. Pepala lovomerezalo mu failo mulibe, mawa m'mawa ndikafunsa kwa a maakaunti ngati anasunga lawo.